Thandizeni kumasulira kalata yopereka mphamvu

Moni nonse kuno ku Joni. Achimwene anga akufuna mlamu ku Zomba azitolera lendi ya nyumba yawo ndi kulipira okonza, osati kugulitsa kapena kutengera ngongole. Loya analemba mchingelezi, mlamu akufuna chichewa. Ndinayesa ndekha ndinalemba kuti aziyang'anira nyumba koma mawuwa akutambalala, munthu atha kuyesa ndi zonse. Mnzanga wa ku Mayfair anaika kuyendetsa katundu, zinaipiratu, katundu akuphatikiza ndi galimoto yomwe. Penanso pamene loya anati akhoza, iye analemba ayenera, chilolezo chasanduka lamulo.

Funso langa, ndilembe zololedwa chimodzichimodzi kenako ndiwonjezere zoletsedwa, kapena kuwonjezera zomwe loya sanalembe ndikusintha kale kalatayo? Amene munapangapo, munatani?