Katundu wotsitsa n'kukweza pomwepo osalowa m'mashelefu: depoti yathu ingakwanitse?

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira depoti ina ku Kanengo. Timalandira mafuta ophikira, sopo ndi shuga kuchokera ku Blantyre, thiraki ya matani 30, mapaleti 24, katatu pa sabata. Tili ndi malole 5 a matani 7 amene amagawa ku Kasungu, Mchinji, Salima, Dedza ndi m'tauni muno. Abwana anamva za kolosidokingi, akuti katundu asamagonenso m'mashelefu, azingotsika m'thiraki n'kulowa m'malole tsiku lomwelo, ndipo theka la weyahausi tilibweze kwa eni ake kuti lendi itsike. Tayesako koma zikutivuta. Thiraki imafika nthawi yake yake, malole amakhala akudikira dzuwa lili pamutu, ndipo makatoni a ku Salima anapezeka ku Mchinji. Tili ndi zitseko 2 zokha, zonse mbali imodzi, fokolifiti imodzi ndi timajeki tokoka pamanja tiwiri. Kodi vuto ndi nyumbayi kapena ndi kachitidwe? Ndiwauze chiyani abwana?

Wa feteleza ku Mponela: Achimwene, mukuvutikiranji? Ife nthawi ya feteleza timangoimika thiraki ndi lole moyang'anizana matako, anyamata aganyu n'kumapatsirana matumba. Matumba 600 amatha dzuwa lisanapendeke. Palibe fokolifiti, palibe weyahausi.

Wofunsa: Zoona bambo, koma inu thumba ndi limodzimodzi. Ife m'paleti imodzi mumakhala mafuta a malita 2, a malita 5 ndi sopo wamitundu itatu, ndipo lole iliyonse ikufuna nambala yake.

Mayi wa ku Limbe: A ku Mponela sakunama, njira yawoyo ndi yomweyi, kungoti ndi mtundu wake wosavuta: katundu mmodzi, owerenga amangowerenga matumba. Yanuyi ndi yovuta chifukwa muli kugawa pakati. Ine ndakhala pa dispachi, potulutsira katundu wopita kwa ogula, zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndikufunseni chinthu chimodzi musanayambe kudandaula za zitseko. Thiraki ikamanyamuka ku Blantyre, inuyo mumakhala mukudziwa kale kuti katoni iliyonse ikupita kwa ndani?

Wofunsa: Ayi mayi. Amalonda athu amabweretsa maoda mpaka m'mawa wa tsiku lomwelo. Zimene zili m'thiraki timazidziwa dalaivala akatipatsa pepala.

Mayi wa ku Limbe: Ndiye vuto lanu lagona pamenepo. Mashelefu aja amakugwirirani ntchito imene simuiona: amakulolani kulandira katundu musanadziwe mwini wake, n'kumusunga mpaka oda itabwera. Mukachotsa mashelefu, mwini wa katoni iliyonse ayenera kudziwika katoniyo isanatsike. Choncho maoda atsekedwe dzulo lake, tinene 12 koloko masana, mutumize ku Blantyre, iwo apakire motsata maodawo, ndipo thiraki ikangotuluka pageti akutumizireni mndandanda wa zimene apakiradi. Osati zimene munapempha, zimene zalowa m'thirakimo. Ziwirizi sizifanana kawirikawiri. Mukapempha makatoni 300 a mafuta iwo n'kukweza 260, muyenera kudziwa usiku womwewo kuti 40 aja achotsedwa kwa ndani, osati kumakangana pakhomo malole akulira mainjini.

Kenako apempheni kuti azimanga mapaleti motsata njira. Paleti ya ku Kasungu ikhale ya ku Kasungu yokha, yokulungidwa bwino, ndi chipepala chachikulu mbali ziwiri cholemba dzina la njira, nambala ya paleti ndi makatoni amene alimo. Yoteroyo simuimasula n'komwe. Mumayang'ana ngati pulasitiki yake sinang'ambidwe, mumafananitsa nambala ndi mndandanda, n'kuidutsitsa.

Tsopano tiwerenge nthawi, muone chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Fokolifiti yanu tiipatse mphindi 3 pa paleti, kuinyamula, kukaisiya ndi kubwerera. Mapaleti 24 ndi mphindi 72 kutsitsa. Kukweza m'malole ndi mphindi 72 zinanso, poti fokolifiti ndi yomweyo. Ndiye ngakhale zonse zitayenda bwino, maola awiri ndi theka apita. Tinene mapaleti 10 abwera osakanikirana, iliyonse makatoni 60. Amenewo ndi makatoni 600 oti agwidwe ndi manja, awerengedwe, amangidwenso. Anyamata anayi, awiriawiri, paleti imodzi mphindi 20, ndi mphindi 100 zowonjezera. Mwadutsa maola anayi. Thiraki ikafika 6 koloko m'mawa, lole yomaliza ituluka cha m'ma 10 koloko ndipo ya ku Kasungu ipeza mashopu ali otsegula. Ikafika 1 koloko masana, mumaliza 5 koloko, ndipo katunduyo agona basi, kaya pansi kaya m'lole. Kugona m'lole panja n'koipa kuposa kugona pa shelefu.

Dalaivala wa mathiraki: Mayi mwanena zoona koma musatiike pa wotchi ngati basi. Blantyre kufika Lilongwe ndi makilomita opitirira 300, ndipo ndi katundu wolemera pa M1 sungathamange, pali zitunda, malodibuloko, nthawi zina mzere wa dizilo. Komanso ife amatipakira mochedwa kumeneko, kenako kuno n'kumatikalipira. Ngati mukufuna thiraki 6 koloko m'mawa, ipakiridwe dzulo masana, ine ndidzagone pageti panu. Koma mundipatse mlonda ndi poimika, ndipo mukandisunga tsiku lonse osanditsitsa, mwini thiraki adzakulipiritsani.

Wina: Pepani, ine ndimayesa mukunena zija zosinthitsa katundu pa boda ya Dedza kuchoka m'thiraki ya ku Beira. Zimenezo samalani nazo, katundu amene sanamasulidwe ndi a kasitomu simungangomutsegula n'kuyamba kugawa.

Wofunsa: Ayi bwana, wathuyu ndi wam'dziko momwemuno. Koma zikomo, abwana amalankhulanso zoitanitsa wakunja, ndiwakumbutsa.

Wa ku Joni: Ine ndimagwira ntchito m'depoti yaikulu kuno ku Johannesburg. Kunena mosabisa, ndi zitseko ziwiri mbali imodzi iwalani. Kwathu nyumba ndi yaitali koma yopapatiza, zitseko zolandirira mbali iyi, zotulutsira mbali inayo, pansi pake pokwera molingana ndi thiraki kotero kuti jeki imalowa mpaka m'kati mwa ngolo. Paleti iliyonse ili ndi bakodi, ukaisikana makina amakuuza khomo lake. Popanda zimenezo mukungosewera.

Mayi wa ku Limbe: Achimwene a ku Joni, nyumba yanuyo imalandira mathiraki ambirimbiri pa tsiku, n'chifukwa chake imafuna zonsezo. Awa ndi thiraki imodzi. Chitseko chimodzi chikhale cholowera, china chotulukira, ndipo lamulo likhale loti katundu sabwerera m'mbuyo. Chimene ndikugwirizana nanu ndi cha pansi pokwera. Ngati awa alibe, ndiye kuti paleti iliyonse imadalira fokolifiti, ndipo ikafa tsiku limenelo zonse zaima. Pa mashelefu ukhoza kudikira mekaniki mpaka mawa, apa ayi.

Koma a Wofunsa, nkhani yobweza theka la nyumba ija muiwerengere bwino. Njira imeneyi imadya malo apansi, ndipo malowo ayenera kukhala opanda kanthu. Paleti wamba ndi mita 1.2 kwa mita 1. Mujambule ndi penti mizere 5, umodzi pa lole iliyonse. Mzere wa mapaleti 5 ndi mamita 6 m'litali, ndipo mukasiya mita imodzi yoyendamo wowerenga, mzere uliwonse watenga mamita 2 m'lifupi. Mizere yonse ndi masikweya mita 60. Potsitsira mapaleti 24 ndi mipata yoti munthu azungulire, ikani 50. Njira ya fokolifiti ya mamita 4 kudutsa kutsogolo kwa mizere, 40. Mwafika 150, ndipo sitinaike ngodya ya makatoni ophwanyika, odontha mafuta ndi obwezedwa. Ngodya imeneyo musaiiwale, chifukwa katoni yopanda kwawo ikasowa poikidwa imalowa mumzere umene uli pafupi. Ndikukhulupirira kuti a ku Salima aja anapita ku Mchinji mwanjira yotero, kapena malole awiri ankakwezedwa nthawi imodzi pa chitseko chimodzi.

Wofunsa: Ndi chachiwiricho mayi. Madalaivala amalimbirana kuti atuluke msanga, aliyense ndi anyamata ake.

Mayi wa ku Limbe: Lole imodzi pa nthawi, kuyamba ndi yopita kutali. Mzere usakhudzidwe mpaka wowerenga atasaina kuti wakwanira, ndipo dalaivala awerenge yekha asanasaine. M'lolemo, katundu wa shopu yomalizira alowe koyamba. Chizindikiro choti zikuyenda n'chophweka: pofika nthawi yoweruka, mizere yonse 5 ikhale mbee. Mukaona paleti ikugona mumzere masiku awiri, dziwani kuti mwabwerera ku kusunga katundu, kungoti tsopano mukusunga panjira.

Wa maakaunti: Ine changa ndi chimodzi. Ngati paleti simuimasula, ndiye ikakafika ku Kasungu n'kupezeka kuti m'kati mukusowa makatoni 2, alipira ndani? Ku Blantyre adzati munasaina kuti mwalandira. Dalaivala wa lole adzati anaitenga yokulunga. Ndaziona zimenezi, mapeto ake amadula malipiro a kalaliki. Komanso musasiye kulowetsa katundu m'buku poti sanagone. Alembedwe kulowa, alembedwe kutuluka, ndi nambala ya bachi, kutanthauza gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi, ndi tsiku lothera ntchito. Tsiku lina fakitale ikadzati bachi yakuti ibwezedwe, mudzaifuna kuti?

Mayi wa ku Limbe: Pepala lolandirira lizilembedwa kuti mwalandira mapaleti osamasula, ndipo mugwirizane ndi a ku Blantyre masiku odandaulira. Pa thiraki iliyonse muzimasula mapaleti awiri mwachisawawa n'kuwerenga. Kapena kuyeza paleti pa sikelo, katoni ya mafuta ikasowa kulemera kumaonetsa.

Wa maakaunti: Sikelo iona mafuta, koma katoni ya sopo yosinthidwa ndi mtundu wina wolemera chimodzimodzi siiona. Ndipo otumiza ambiri savomera kulipira zimene zapezeka katundu atadutsa m'manja mwa anthu atatu. Ine sindinakhutire.

Wa golosale ku Salima: Ife ogula mutiganizirenso. Maoda otseka dzulo 12 koloko ndi abwino kwa mashopu aakulu. Ine ndimaoda ndikaona ndalama ya tsikulo. Mukandikana, ndikagula kwa ena.

Wofunsa: Apa ndiye mwandigwira pamtima, chifukwa makasitomala onga inu ndi ambiri. Mwina ndiwauze abwana kuti tidutsitse pomwepo za mashopu aakulu okha amene amaoda mapaleti athunthu, koma tisunge mashelefu ochepa a mafuta ndi shuga kuti ogula ang'ono tiziwatengera pamenepo. Zikatero theka la nyumba silingabwezedwe, mwina gawo laling'ono. Funso latsala ndi lakuti a ku Blantyre avomera kutimangira mapaleti motsata njira, poti ndi ntchito yowonjezera kwa iwo. Alipo amene anakambiranapo ndi fakitale za zimenezi? Anakulipiritsani pa paleti kapena anangovomera?