Tchati cha poizoni: pa mzere wa mankhwala a makoswe tilembepo chiyani?

Sisitala wa usiku: Anzanga, ndikukonza tchati chomata pakhoma: poizoni mbali ino, mankhwala ake mbali inayo, ndi chifukwa chake amagwira ntchito. Pafika mankhwala a makoswe pandivuta. Ndilembe vitamini K?

Wophunzira unamwino: Eya sisitala. Poizoniyo amalepheretsa chiwindi kugwiritsa ntchito vitamini K, ndiye magazi saundana.

Kiliniko ofisa wamkulu: Mwanena zoona, koma za mtundu umodzi wokha. Umenewo munthu amafika akuoneka bwinobwino, magazi amadzayamba kutuluka m'nkhama kapena mu mkodzo patatha tsiku kapena atatu. Amene amatipeza kawirikawiri ndi tameki. Abale akati "wamwa a makoswe", yang'anani wodwalayo: dovu, thukuta, kutsekula m'mimba, pachifuwa pali kolokoto, timboni ta m'maso tachepa. Ameneyo vitamini K samuthandiza. Dulani mzerewo pawiri.

Tameki amamanga chinthu chimene chimafufuta uthenga wa minyewa ukafika, ndiye uthengawo umangolira osaleka, mapapo n'kudzaza madzi. Mankhwala ake ndi atropini. Sachotsa poizoni ayi, amangotseka khomo lomwe uthengawo umalowera. N'chifukwa chake mlingo wake timaonera wodwala. Mwezi watha ndinalandira bambo wina wochokera cha ku Namwera. Okosijeni, kenaka 2 mg mu mtsempha. Mphindi 5, pachifuwa pakadali madzi, 4 mg. Kenaka 8, kenaka 16. Atakwana 30 mg pachifuwa panayera, mtima unapitirira 80 pa mphindi, m'khwapa munauma. Ndinaika 3 mg pa ola mu diripi, gawo limodzi mwa magawo 10 a zonse zija.

Wa ku famase: 30 mg munthu mmodzi? Ndiye maampulo 30 a 1 mg! Ndinkaona ngati mumawononga.

Namwino wa cha ku Makanjira: Wodwala wanga ndinampatsa atropini mpaka timboni titakula, kenaka anayamba kubwebweta, thupi moto. Poizoni anabwereranso?

Kiliniko ofisa wamkulu: Ayi mayi, pamenepo atropini anachuluka. Timboni timachedwa, musamatsate ito. Kubwebweta, kutentha, m'mimba muli zii, mkodzo osatuluka: imitsani kaye, akakhazikika muyambirenso pang'ono. Kutentha kwa kuno kunyanja munthu wosatuluka thukuta amapsa msanga, mupukuteni ndi madzi. Komanso atropini salimbitsa minofu yopumira. Muzimuuza adzutse mutu papilo. Akalephera, kupuma kuli pafupi kuvuta, konzani zomutumiza.

Sisitala wa usiku: Nanga puralidokisimu ndimuike?

Kiliniko ofisa wamkulu: Amamasula chomangidwa chija ngati munthu wamwa mankhwala opopera mbewu a gulu la oganofosifeti. Tameki amamasuka yekha pa tsiku limodzi kapena awiri. Ine ndingamulembe pansi, m'malemba aang'ono.

Wa ku famase: Osamulemba n'komwe, kuno sapezekapezeka. Anthu azidikira chomwe kulibe m'malo mobaya atropini.

Sisitala wa usiku: Zimenezo tikagwirizane pa lipoti la mawa. Mapiritsi osungira chimanga aja ndalemba kale ndi inki yofiira kuti alibe mankhwala ake, komanso osamusanzitsa.