Thandizeni: furikwensi ikutuluka ya negetivu ndikagwiritsa ntchito Hilbert

Tadala: Akuluakulu, ndili chaka chomaliza cha uinjiniya ndipo pulojekiti yanga ndi yozindikira beringi yowonongeka poyeza kunjenjemera kwa mota ya pampu. Motayo imazungulira 1450 pa mphindi, beringi yake ndi 6205, ndipo sensa ikuwerenga 20000 pa sekondi. Ndalemba izi:

```python
z = hilbert(x)
env = np.abs(z)
f = np.diff(np.unwrap(np.angle(z))) * fs / (2*np.pi)
```

Envelopu ikungotuluka ya minga yokhayokha, pomwe `f` ikudumphadumpha mpaka kutsika pansi pa ziro. Vuto lili pati?

Yamikani: Mwina wayiwala kuti `hilbert` ya SciPy simabweza Hilbert yekha, imabweza siginolo yonse, `x + j*H(x)`. Za negetivuzo ndi phokoso chabe, ika `np.abs(f)` zitha.

aNgozo: Pa SciPy mwanena zoona a Yamikani, koma a Tadala anazilemba bwino kale. Za `np.abs(f)` ayi, kumeneko n'kubisa matenda.

A Tadala, `f` imeneyi ndi furikwensi ya pakanthawi, ndipo imakhala ndi tanthauzo pokhapokha siginolo ili ndi liwu limodzi lolamulira. Yanuyo muli kuzungulira kwa shafuti, magetsi, madzi ndi beringi, zonse pamodzi. Yesani nokha popanda phokoso lililonse: phatikizani 50 Hz ya mphamvu 1 ndi 60 Hz ya mphamvu 0.9. Pomwe ziwirizi zikugwirizana, envelopu ifika 1.9 ndipo `f` ikhala pafupi 54.7 Hz. Pomwe zikutsutsana, envelopu itsika mpaka 0.1 ndipo `f` ikhala `(50 - 54)/(1 - 0.9)`, yomwe ndi -40 Hz. Palibe chilichonse m'siginoloyo chozungulira chobwerera m'mbuyo. Kungoti envelopu ikayandikira ziro, ngodya ya `z` imatembenuka mwaliwiro kwambiri. Jambulani `env` ndi `f` pamodzi, muona kuti minga ikugwera pomwe envelopu yatsikitsitsa.

Komanso pa beringi simukufunikira `f` n'komwe. Mpira uliwonse ukadutsa pa chibowo umamenya, chitsulo n'kulira pa furikwensi yapamwamba. Chomwe mukufuna ndi kuchuluka kwa kumenyako pa sekondi, ndipo zimenezo zili mu envelopu. Sefani kaye, mutsale ndi kulira kwa chitsuloko:

```python
sos = butter(4, [2500, 4000], btype="bandpass", fs=fs, output="sos")
y = sosfiltfilt(sos, x - x.mean())
env = np.abs(hilbert(y))
E = np.abs(np.fft.rfft(env - env.mean()))
```

Shafuti yanu ikuzungulira 24.17 pa sekondi. Pa 6205, yomwe ili ndi mipira 9, chibowo cha mphete yakunja chimamenya pafupi 3.58 pa kuzungulira kumodzi, ndiye yang'anani 86.6 Hz. Cha mphete yamkati ndi pafupi 5.42, ndiye 131 Hz.

Bambo Zuze: Mwana wanga, ine ndakonza mapampu ndi zigayo kuyambira kale. Ika sikuludiraiva pa mota, chogwirira chake pakhutu. Ikamalira ngati muli mchenga, sintha beringi, siyodula.

Tadala: Zikomo bambo. Yawonongeka ndithu, tinachita kuyiboola dala. Chofunika n'choti kompyuta izindikire khutu lisanamve.

Mphatso: Ine ndinakumana ndi zina poyeza kugunda kwa mtima. Envelopu inkakwera modabwitsa kumayambiriro ndi kumapeto. Chifukwa chake `hilbert` imadutsa mu FFT, yomwe imatenga ngati mapeto a siginolo alumikizana ndi chiyambi chake. Ndimajambula yotalikirapo kenako n'kudula mbali zonse ziwiri.

Tadala: ANgozo, ndayesa ndi masekondi 2. Nsonga yatuluka pa 85.5 Hz, ina pa 171, komanso ina pa 100. Si 86.6 ndendende. Nanga 2500 mpaka 4000 mwaitenga kuti?

aNgozo: 85.5 ndi 171 ndi imodzi ndi kuwirikiza kwake, ndiye ndi mphete yakunja imeneyo. Kusiyanako kusakudetseni nkhawa: mipira imaterereka pang'ono, ndipo 1450 ndi yolembedwa pa chikwangwani cha mota, liwiro lenileni limasintha ndi katundu. Liyezeni pa sipekitiramu ya `x` yosasefa, pafupi 24 Hz.

Manambala a fyuluta ndangoyerekeza. Onani pomwe sipekitiramu yanu yatukumuka pamwamba pa 1000 Hz, muike pamenepo. Musaichepetse kwambiri: fyuluta ya m'lifupi 100 Hz idzameza 171 ija.

Yamikani: 100 Hz ndi magetsi, 50 kuwirikiza kawiri.

aNgozo: N'kutheka, koma kuwirikiza kanayi kwa shafuti kukugweranso pafupi, cha m'ma 96. Zimitsani mota muli kujambula. Ya magetsi izimirira nthawi yomweyo, ya chitsulo izitsika pang'onopang'ono.

Tadala: Labu atsegula Lolemba, ndikayesa. Koma mota ikamachepa liwiro nsonga zonse zisuntha, ndiye pamenepo `f` ija ingandithandize kutsata shafuti?

Mphatso: Ikhoza, mutasefa mozungulira 24 Hz yokha. Vuto n'loti liwiro likatsika ituluka m'fyulutayo.