Ndinayankha "ayi" pa fomu ya inshuwalansi pomwe lole inachitapo ngozi, kalata yokonza ndiilembe bwanji?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi lole ya matani atatu yomwe imanyamula chimanga ndi nandolo kuchokera ku Jali kubwera mtauni muno mu Zomba. Miyezi iwiri yapitayo ndinasintha kampani ya inshuwalansi, nkudula ija yolipira ngakhale galimoto yako yomwe ikawonongeka. Fomu anandilembera ndi ejenti, atayitsamiritsa pa boneti, ine ndikuwerengera matumba, ndipo ndinangosaina. Dzulo ndikusanja mapepala ndaona funso lachisanu ndi chiwiri: kodi m'zaka zisanu zapitazi munachitapo ngozi kapena kupempha kampani iliyonse kuti ikulipireni? Pachongedwa "ayi".

Koma mu 2022 dalaivala wanga anagunda minibasi kumbuyo pa Thondwe, ndipo kampani yakale inalipira K1,850,000. Mu 2023 ndinakhulanso geti pobwerera m'mbuyo, ndinakonzetsa ndekha ndi K200,000 osauza aliyense. Chiyambireni inshuwalansi yatsopanoyi sindinachite ngozi. Usiku wathawu tulo sindinatione. Ndilembe zotani, ndipo sandithamangitsa?

Dalaivala wa pa Chinamwali: Achimwene, musadzutse njoka yogona. Wolakwa ndi ejenti amene analemba. Dikirani chaka chithe, mudzakonze podulanso.

Mayi amene anagwirapo ntchito ya inshuwalansi: Achimwene a pa Chinamwali, ejenti analakwitsadi, koma pansi pa fomu pali mawu oti zonse zalembedwazo ndi zoona, ndipo anasaina ndi eni lole. Kudikira ndiye koopsa. Lole ikagubuduzika mawa, ofufuza adzafunsa kampani yakale ija, nkhani ya pa Thondwe idzatuluka, ndipo atha kukana kulipira ponena kuti mgwirizano unamangidwa pa yankho labodza. Mtengo umene anakupatsani bambo anauwerengera ngati wa munthu wosachitapo ngozi.

Lembani lero, tsamba limodzi lokha. Pamwamba ikani nambala ya chikalata cha inshuwalansi, nambala ya lole ndi tsiku limene munasaina fomu. Kenako kopani funsolo liwu ndi liwu, nenani kuti pa fomupo panayankhidwa "ayi" ndipo yankho loona ndi "inde". Apa ndiye muyale ngoziyo: tsiku, malo, amene ankayendetsa, dzina la kampani yakale, nambala ya kileyimu, ndalama imene inalipiridwa, komanso ngati nkhaniyo inatsekedwa kapena mwini minibasi akadadandaulabe. Ngati lipoti la apolisi mukadali nalo, phatikizani fotokope yake. Chifukwa cha kulakwitsako chikhale chiganizo chimodzi, mwachitsanzo: "Fomu inalembedwa m'malo mwanga ndipo ndinasaina ndisanawerenge funsoli." Musakalipe, musapepesenso tsamba lonse.

Mawu awiri omaliza ndi amene anthu amaiwala. Nenani kuti chiyambireni mgwirizanowu palibe ngozi kapena chilichonse chimene mukufuna kuti akulipireni. Ndiye apempheni kuti akuyankheni polemba ngati inshuwalansi ikupitirira, komanso pa mfundo zotani.

Wofunsa: Zikomo mayi. Nanga za geti zija? Sindinapemphe ndalama kwa aliyense.

Mayi uja: Werenganinso funso lanu. Likuti "ngozi kapena kupempha", ndiye geti ikulowa ngakhale munalipira nokha. Likanangofunsa za ndalama zimene kampani inalipira, pakanakhala pokambirana, komabe ine ndikanaitchula mzere umodzi. Asankhe okha ngati ili ndi kanthu.

Mlongo wa ku Matawale: Ine galimoto yanga inagundidwa pa Mpondabwino, mpaka lero kampani ya wondigundayo sinandilipire. Kalata yomweyi ingandithandize?

Bambo wa hadiweya ku Songani: Ayi chemwali, yanu ndi nkhani yotsata malipiro, yambitsani funso lake. Kwa eni lole, zofanana nazo zinandichitikira pa inshuwalansi ya sitolo, ndinaiwala kutchula kuti akuba anathyolapo. Kalata musampatse ejenti yekha, yanga inagona m'chikwama chake milungu itatu. Sindikizani ziwiri, mukapereke nokha ku ofesi ya kampani, adinde tsiku pa yanuyo. Ine sanandichotse, anangowonjezera ndalama yolipira.

Mayi uja: Zimathekadi kutero, koma sindingakulonjezeni. Atha kusiya zonse momwe zilili, atha kuchotsa kuchepetsa mtengo kumene amapatsa osachita ngozi nkukuuzani kuti muwonjezere, atha kukweza gawo limene mumalipira nokha pakachitika ngozi, kapena kuthetsa mgwirizano. Akathetsa, dziwani kuti mafomu ambiri amafunsanso ngati kampani ina inakuthetseranipo inshuwalansi, ndipo pamenepo mudzayenera kuyankha "inde".

Dalaivala wa pa Chinamwali: Mwaona nanga? Munthu akukadzipalira yekha moto.

Wofunsa: Bola moto umenewo kusiyana ndi kudzaona lole ili chagada ku Namadzi popanda wondilipira. Kalata ndalemba, mawa m'mawa ndikupita nayo. Chimene chikundivutabe n'ichi: Lachisanu ndili ndi ulendo wa ku Limbe. Ngati sanandiyankhe pofika tsikulo, lole ndiitulutse kapena iyambe yaima?