Thandizeni, bwana akufuna memo ya cholakwika cha chaka chatha

Membala wobisa dzina: Abale anga kuno ku Joni, mutu waima. Ndimagwira za maakaunti pa kampani ina ku Midrand. Ndapeza cholakwika cha R180,000 cha chaka chatha, ndachikonza kudzera mu akaunti ya `Retained Earnings`. Bwana wa zachuma akufuna memo Lolemba. Wolakwitsayo anasiya ntchito, mapepala anangounjika m'katoni, ine ndimaweruka usiku kukathamangira takisi ya ku Tembisa, pemiti nayo ikutha mu Juni. Ndilembe chiyani kuti mlandu usagwere ine?

Che Jafali: Mwagwiranji mabuku otseka? Zakale siziutsidwa! Mukanangoponya m'chaka chino. Achinyamata mumakonda kuonetsa sukulu.

Nachisale: Simunanene chenicheni. Chinalakwika n'chiyani? Ngati munangoyerekeza ngongole zosabwezedwa kenako zasintha, chimenecho si cholakwika, chimalowa m'chaka chino.

Bambo a Tadala: Za pemitizo musachedwe nazo achimwene. Ine yanga ndinadikira mpaka ntchito inatha.

Membala wobisa dzina: Ndine mayi. Ndi invoisi ya alonda ya Disembala mpaka Febuluwale, sinalowetsedwe. Chaka chathu chimatha Febuluwale, maodita anasaina kale.

Che Jafali: Mwamva? Anasaina! Ine zaka 20 ndili pa ntchitoyi, R180,000 n'kachani?

Nachisale: A Jafali, pa kukula kwa ndalamayo mwalasa, koma sitikudziwa phindu la kampaniyo. Ngati linali R1 miliyoni, imeneyi ndi yaikulu ndipo lamulo la maakaunti la IAS 8 limati mukonze chaka chimene zinalakwikacho. Achemwali, memo iyambe ndi chimene chinachitika: ntchito inagwiridwa chaka chatha, invoisi inalipo mabuku asanasainidwe, sinalembedwe, ndiye phindu linakwera ndi R180,000 ndipo ngongole zinaoneka zochepa. Kenako msonkho, umene ambiri amaiwala. Pa 27% munauwerengera mopitirira ndi R48,600, choncho phindu losungidwa litsika ndi R131,400 yokha:

```
Dr Retained Earnings  131,400
Dr SARS Income Tax     48,600
Cr Trade Payables     180,000
```

Onetsani manambala a chaka chatha, akale ndi okonzedwa moyandikana, chifukwa m'malipoti a chaka chino danga la chaka chatha lisintha. Dzina la munthu musatchule, nenani mpata umene invoisiyo inadutsira ndi mmene mwautsekera.

Che Jafali: Kukodola SARS n'kuputa mavu. Msuweni wanga anakonza fomu ya msonkho wa kampani ya ITR14, anamufunsa mapepala mpaka anaonda.

Gift wa ku Rosettenville: Alondawo miyezi yonseyi osalipidwa, anali zii? Kkkk ndipatseni nambala yawo.

Mphatso: Kodi R180,000 imeneyo ili ndi VAT ya 15% m'kati kapena ayi? Ngati ilimo, manambala a mayi Nachisale a phindu ndi msonkho asintha.

Membala wobisa dzina: Mayo ine, invoisiyo ndaisiya ku ofesi. Komanso ine ndinalowetsa R180,000 yonse, za msonkho sindinaganizeko. Ndifufute kapena ndidikire bwana aone kaye?

Che Jafali: Ndinanena ine.