Zomwe ndapeza pa ngongole ya K500,000 ija

Funso langa linali lakuti: "Chithunzi cha ndondomeko yobweza ngongole yochokera kwa wobwereketsa chikusonyeza K500,000, miyezi 12, chiwongoladzanja 3% pamwezi, kodi ndizibweza zingati?"

Ambiri munandiyankha kuti ndizibweza K50,231 pamwezi, ndipo nditalemba `=PMT(3%,12,-500000)` mu Excel ndinapezadi ndalama yomweyo, kutanthauza chiwongoladzanja chonse cha pafupifupi K102,772. Komabe nditakulitsa chithunzicho ndinaona kuti m'danga la chiwongoladzanja mwalembedwa K15,000 kuyambira mwezi woyamba mpaka wotsiriza. Chikanakhala kuti chikuwerengedwa pa ndalama yotsala, mwezi wachiwiri chikanatsika kufika pa K13,943, popeza ngongole ikanakhala itachepa ndi K35,231.

Apa n'zoonekeratu kuti wobwereketsayu akuwerengera 3% pa K500,000 yonse mwezi uliwonse, ngakhale nditabweza theka la ngongoleyo. Motero chiwongoladzanja chonse ndi K180,000, ndalama zobweza zonse ndi K680,000, ndipo pamwezi ndizipereka K56,667. Kusiyana kwake kukuposa K77,000, ngakhale kuti 3% yolembedwa pamwamba pa chithunzicho ndi yomweyo. Sindinasainebe, ndipo ndawalembera kuti anditsimikizire njira yowerengerayi m'kalata.