Gulu la a Malawi ku Joni: uthenga wa mankhwala waonekera pa foni yokiya

Nachisale (Mayfair): Abale ndithandizeni msanga. Mchemwali wanga amagona chipinda chimodzi ndi anthu atatu. Foni inali pa chaja, alamu inalira itaonetsa dzina la mankhwala ake, kenako kunabweranso chikumbutso chakuti atumize R2 500 ya malata kumudzi. Onse awerenga. Azimitse pati kuti zisaonekenso?

Che Jafali: Aike pasiwedi basi.

Nachisale: Ilipo kale achimwene, za zala zomwe.

Mai a Tadala (Bellville): Pasiwedi imaletsa munthu kutsekula foni, koma siibisa mawu otuluka pamwamba foni ili yokiya. Zimenezo zili ndi malo akeake. Ngati ndi Samsung alowe mu Settings, kenako Notifications, apeze Lock screen notifications, asankhe Hide content. Pa iPhone ndi Settings, Notifications, Show Previews, asankhe When Unlocked. Akatero aikiye foni, inu mumutumizire uthenga, muone limodzi. Pazingooneka kuti kwabwera uthenga, mawu ake ayi. Mawu akaonekabe ndiye kuti pali pomwe sanasinthe.

Bambo Phiri wa magetsi: Zoona mayi, koma mwasiya chachikulu. Alamu siimvera zimenezo. Ikamalira imadzaza sikirini yonse pamodzi ndi dzina lomwe munailembera, foni ikhale yokiya kapena ayi. Alowe mu Clock, atsekule alamuyo, afufute dzinalo. Alembe mawu wamba monga "tiyi" kapena asiye popanda kanthu, poti mwini wake nthawiyo akuidziwa. Za ndalamanso chimodzimodzi: alembe "kumudzi pa 25", chiwerengero ndi dzina la wolandira zisakhalepo.

Kabudula: Ine alamu yanga imati "dzuka, ganyu sadikira" 😂

Che Jafali: Ndinamva kuti boma la kuno limawerenga WhatsApp ya mlendo aliyense, ndiye kubisako n'kutaya nthawi.

Bambo Phiri wa magetsi: Musaopseze anthu Che Jafali. Mauthenga a WhatsApp amayenda atatsekedwa kuchokera pa foni yanu mpaka ya mnzanuyo. Pomwe amatulukira ndi pa foni penipeni. Aone mu Linked devices. Ngati muli kompyuta kapena foni yomwe sakuidziwa, aikhudze asankhe Log out, chifukwa wobwereka foni mphindi ziwiri amatha kulumikiza yake n'kumawerenga zonse ali kutali.

Mnyamata watsopano: Pepani akuluakulu, alipo akupita ku Lilongwe sabata ino? Ndili ndi katundu.

Mai a Tadala: Mwana iwe, mnzathu ali pa vuto. Za katundu dikira madzulo.

Asisi a Namondwe (Durban): Funso langa ndi ili: akaunti ya Google ya pa foniyo ndi yake? Ambiri akafika kuno foni amawatsekulira ndi m'bale kapena wa pa shopu, n'kulowetsa akaunti yakeyake. Chikumbutso chomwe mwalemba mu Google Calendar chimasungidwa mu akaunti, ndiye chimaoneka pa foni iliyonse yomwe ili ndi akauntiyo. Aone imelo yomwe ili mu Settings. Ngati si yake, afufute kaye zikumbutsozo, atsekule akaunti yake, kenako achotse inayo. Asanachotse asunge manambala a anthu, nthawi zambiri amachoka nayo limodzi.

Che Jafali: Aziika mauthenga odzifufuta okha, nkhani yatha.

Asisi a Namondwe: Amathandiza pang'ono. Disappearing messages ili ndi maola 24, masiku 7 kapena masiku 90, ndiye ngakhale musankhe yaifupi uthenga ukhalapo tsiku lathunthu, ndipo wolandira atha kuujambula. Ngati inu a Nachisale mumamukumbutsa za mankhwala pa WhatsApp, iye achite Lock chat pa dzina lanu. Pamenepo uthenga ukabwera suonetsa dzina kapena mawu.

Kabudula: Malata atchulidwa apa andikumbutsa kwathu ku Mangochi. Mvula ikuyandikira, nyumba ya amayi ikadali ya udzu. Mtima ukuwawa abale.

Bambo Phiri wa magetsi: Limbani mtima achimwene. Chinanso ndi SMS za ku chipatala, monga za CCMDD, ndondomeko ya boma yogawira mankhwala a matenda okhalitsa, zokuuzani kuti mankhwala afika. Zimapita ku nambala yomwe munalembetsa. SIM mukaisiya nthawi yaitali osaigwiritsa ntchito, nambalayo imadzaperekedwa kwa munthu wina, ndipo zikumbutso zanu azilandira ndi iyeyo. Mukasintha nambala kauzeni a ku chipatala tsiku lomwe mwapitako, ndipo musalembetse ya abwana kapena ya mnzanu wa m'chipinda.

Mai a Tadala: Inunso a msungichuma a chipereganyu mumve. Lekani kuponya pa gulu maina ndi ndalama zomwe aliyense watsala nazo. Pa gulu lembani tsiku lokha, chiwerengero mutumizireni munthu payekha.

Che Jafali: Apo ndiye ayi mayi. Popanda kuonetsa poyera ena salipira, ndipo msungichuma timuwerengera bwanji?

Nachisale: Za chipereganyu mukambirane nokha. Alamu wasintha, Hide content yatheka. Koma imelo ya mu foni ndi ya mlamu wathu amene anamugulira. Manambalawo awasunge bwanji asanaichotse?